Mtengwa akafedwa: chake n'chiti, cha ana n'chiti, nanga alamu ali ndi gawo?

Maliro a bambo wapabanja amakhala ndi misonkhano iwiri. Woyamba ndi wa kumanda, womwe aliyense amauona. Wachiwiri umachitika alendo atabalalika, mwina pa tsiku lometa, mwina podzasudzula, pamene malume a malemu amakhosomola pang'ono n'kunena kuti, "Tsopano tione za katundu." Mayi yemwe anakwatiwa chikamwini amamva mawu amenewa ali pakati pa abale ake, pa dothi la amayi ake. Koma mtengwa amawamva ali yekha, pamudzi wa eni, maso atatupa ndi kulira. Kwa Inkosi Champiti, monganso m'madera ambiri a Angoni a kwa Gomani m'boma la Ntcheu, maukwati a mitundu yonse iwiri alipo. Mafunso ali m'munsiwa ndi a mtengwayo, chifukwa ndi iye amene nkhwangwa imamugwera kwambiri.

Alamu akuti mwambo wathu ndi woti chuma cha mwamuna chibwerere kwa abale ake. Kodi akunama?

Sakunama kuti mwambo wotere unalipo, ndipo sakunama kuti boma lenilenilo linkauvomereza. Lamulo lakale la chuma cha masiye, la 1967, linkagawa chuma cha mwamuna womwalira wopanda wilo pawiri. Ku chigawo cha kumpoto ndi ku Nsanje, theka linkapita kwa mkazi, ana ndi ena odalira malemu, theka lina kwa abale olowa chuma mwa mwambo. M'maboma ena, kuphatikizapo Ntcheu, mkazi ndi ana ankalandira magawo awiri okha mwa asanu, atatu n'kupita kwa abale. Akuluakulu ambiri amene amaweruza nkhani za maliro lero anakulira m'lamulo limenelo, n'chifukwa chake amalankhula molimba mtima chonchija.

Chomwe sakunena, mwina chifukwa sachidziwa, n'chakuti lamulo limenelo linafafanizidwa. Mu 2011 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa lamulo latsopano la chuma cha masiye, mawilo ndi chitetezo cha olandira, pambuyo pa zaka zambiri za kudandaula kwa mabungwe omenyera ufulu wa amayi monga la WLSA, lomwe pa nthawiyo ankalitsogolera a Seodi White. Gawo 4 la lamulo latsopanoli likunena mosapsatira kuti palibe munthu angalowe chuma cha womwalira potsamira mwambo. Wolandira ndi yekhayo amene lamuloli lamutchula, kapena amene wilo yamutchula. Ndipo muzu wake uli m'malamulo aakulu a dziko a 1994, omwe pa gawo 24 amalamula boma kuthetsa miyambo yolanda amayi chuma, kuphatikizapo chuma cha masiye.

Choncho mwambo ungathe kulongosola za kumeta, za kusudzula, za yemwe alankhule pamanda. Za yemwe atenge ng'ombe, ayi.

Nanga amene lamulo likuwatchula ndi ati?

Ngati malemu sanasiye wilo, gawo 17 likuika patsogolo mkazi ndi ana. Makolo a malemu nawo ali ndi gawo. Palinso amene ankadalira malemu pa moyo wawo, monga mwana wamng'ono yemwe malemu ankamulipirira sukulu, ngakhale akhale mphwake kapena mwana wa mlongo wake. Ameneyu lamulo likuti asasiyidwe pa mavuto ngati chuma chilipo chokwanira.

Achimwene a malemu, alongo awo, malume, asuweni: onsewa lamulo limawakumbuka pokhapokha ngati malemu sanasiye mkazi, mwana kapena wina aliyense wa m'gulu loyamba lija. Mlamu wanu wa ndevu zake, wa banja lake ndi munda wake, alibe ngakhale khasu limodzi pa chuma cha mbale wake pamene inu ndi ana mulipo.

Pa msonkhano uja anaunjika zonse pamodzi, mpaka makina anga osokera. Kodi zonse za pakhomo ndi chuma cha masiye?

Apa ndi pomwe amayi ambiri amaluzira nkhani isanayambe n'komwe. Akalola kuti katundu yense wa pakhomo atchedwe "wa malemu", ndiye kuti avomera kugawana ndi ena zinthu zomwe sizinayenere kufika pa mphasa yogawirapo. Katundu wa pakhomo ali m'milu itatu, ndipo wogawidwa ndi mulu wachitatu wokha.

Mulu woyamba ndi wanu weniweni. Makina osokera omwe munagula ndi ndalama za ku banki m'khonde, mbuzi zomwe anakupatsani amayi anu pobwera ku chitengwa, ndalama za geni yanu ya tomato. Inu simunafe, ndiye katundu wanu si wa masiye. Wotenga zimenezi sakulanda chuma cha masiye chabe, akuba.

Mulu wachiwiri ndi katundu wa m'nyumba, yemwe banja limagwiritsa ntchito tsiku ndi tsiku kuti pakhomo pakhale pakhomo: bedi, zofunda, mipando, mapoto, mbale, ndowa, wailesi ndi zina zotero. Ngakhale anagula ndi malemu, gawo 17 likuti wotsalayo asunge zonsezi. Sizilowa m'chiwerengero chogawa, ndipo palibe angakuuzeni kuti, "Poti mwatenga mipando, ng'ombe musaziyang'ane." Chimene chimachitika kawirikawiri n'chosemphana ndi lamulo: abale amayamba ndi matiresi ndi wailesi, chifukwa n'zosavuta kunyamula pa njinga usiku womwewo.

Mulu wachitatu ndiwo chuma cha masiye chenicheni: ziweto za malemu, ngolo, njinga yamoto, chigayo, golosale, ndalama za kubanki, nyumba ya lendi ku Ntcheu boma ngati inalipo. Pa mulu umenewu poyamba pamachoka ngongole za malemu ndi zolipira zoyenera za maliro, kenako pamaonedwa odalira malemu kuti asavutike, ndipo chotsala chimagawidwa pakati pa inu, ana ndi makolo a malemu.

Tapatseni chitsanzo, kuti ndione mmene zingakhalire.

Tiyerekeze, ndipo mitengoyi ndi yongoyerekeza basi. Bambo wina wa kwa Champiti wamwalira wopanda wilo. Wasiya mkazi yemwe anamutenga chitengwa, ana atatu a zaka 16, 11 ndi 4, ndiponso amayi ake okalamba omwe ankawagulira feteleza ndi sopo. Ali ndi mchimwene wake wamkulu ndi malume ake, onse amoyo, onse olankhula kwambiri. Pakhomo pali nyumba ya malata, katundu wa m'nyumba, mbuzi zisanu ndi imodzi zomwe mayiyo anagula yekha, ng'ombe zinayi za K700,000 iliyonse, njinga yamoto ya kabaza ya K1,500,000, ngolo ya K500,000, ndi K600,000 kubanki. Malemu anali ndi ngongole ya K400,000 kwa mnzake yemwe anawabwereka pogula njinga ija.

Mbuzi zichoke kaye, ndi za mayi. Katundu wa m'nyumba achokenso, atsala ndi mayi. Nyumba tiisiye pambali, ili ndi funso lake. Ng'ombe, njinga, ngolo ndi ndalama zikukwana K5,400,000. Tikabweza ngongole ija patsala K5,000,000. Olandira alipo asanu: mayi, ana atatu ndi agogo awo. Titati tingodula mofanana, aliyense angapeze K1,000,000. Mchimwene ndi malume, palibe.

Koma lamulo silidula ngati chinangwa. Likuti mkazi ndi ana alandire mofanana ngati palibe chifukwa chapadera, kenako likutchula zifukwa zoyenera kuziona. Choyamba ndi msinkhu: mwana wamng'ono ayenera kulandira zochulukirapo kuposa wamkulu, chifukwa wa zaka 4 uja ulendo wake wa sukulu sanauyambe n'komwe, pamene wa zaka 16 bambo ake amuperekeza kale mtunda wautali. Chachiwiri ndi thukuta la mayi: ngati ng'ombe ziwiri mwa zinayizo zinagulidwa ndi ndalama za kachewere yemwe ankalima onse awiri ku dimba, khoti liyenera kuwerengera zimenezo, ndipo gawo la mayi lingakule. Chachitatu ndi mawu omwe malemu ananena ali moyo pamaso pa mboni zodalirika. Ngati anauza ankhoswa a mbali zonse kuti ngolo idzakhale ya mwana wake woyamba, mawuwo si wilo, koma khoti limawamvera.

Tsono taonani chinthu china chomwe masamu aja akubisa. Magawo a ana atatuwo ndi a ana, si a mayi, koma ana aang'ono sasunga chuma okha. Amawasungira ndi wamkulu, ndipo kawirikawiri ndi kholo lomwe likuwalera. Ndiye magawo anayi mwa asanu amatsala pakhomo pomwepo pomwe malemu anawasiya. Mayi wanzeru sangalole kuti njinga igulitsidwe msangamsanga kuti aliyense aone ndalama. Angapemphe kuti agogo apatsidwe ng'ombe imodzi ndi ndalama zowonjezera, njinga ipitirize kabaza, ndipo zomwe ikubweretsa zilipire fizi. Kugawa sikutanthauza kugulitsa.

Ndipo agogo aja musawaiwale. Pa nkhani zambiri zomwe zimafika poipa, mlamu amabisala kumbuyo kwa amayi ake: "Ife tikutengera mayi athuwa." Mukanena nokha poyera kuti apongozi anu ali ndi gawo lawo ndipo alilandira m'manja mwawo, mwamulanda mlamu chishango chake.

Nyumba tinamanga tonse, koma ili pa malo a makolo a amuna anga. Akuti ndisamuke akandisudzula.

Ili ndiye funso lolemera kuposa onse, ndipo yankho lake silosalala ngati la ng'ombe.

Tiyambe ndi nyumba. Njerwa munaumba, malata munagula, ndiye nyumbayo ili m'chuma chomwe inu ndi ana muli nacho gawo. Lamulo la 2011 lili ndi chiganizo chimodzi chomwe chimaunikira bwino apa. Likuti kukwatiwanso sikulanditsa wamasiye chuma chomwe analandira, kupatula katundu yemwe ali pa malo a mafumu. Ameneyo, mayi akakwatiwanso, amapita kwa ana omwe anabereka ndi malemu. Werengani bwino chiganizo chimenecho. Chikutanthauza kuti lamulo likuyembekeza mayi wamasiye kukhalabe m'nyumba ya pa malo a mafumu mpaka atakwatiwanso, ndipo ngakhale atakwatiwa, nyumbayo siigwera mlamu. Imagwera ana. Kusudzula kumamasula mayi ku ukwati wa malemu, si chikalata chomutulutsa m'nyumba.

Munda ndi wovutirapo. Munda wa makolo nthawi zambiri sunali wa malemu yekha ngati mmene inalili njinga. Unali wa banja lonse, iye n'kupatsidwa ndime yoti azilima. N'chifukwa chake abale akamakana, amakhala ndi poyambira. Pamenepa mphamvu yanu yaikulu ndi ana. Ukwati wa chitengwa, mwa mwambo womwewo womwe alamu akuutchula, umatanthauza kuti abale a mwamuna anapempha kuti mkazi adzakhale kwawo, ndipo ana anabadwira ndi kukulira pamenepo. Wonena kuti ana apite kwa amayi awo akalime kumeneko akufuna kudya mbali ziwiri: chitengwa bambo ali moyo, chikamwini bambo atamwalira. Funso limeneli mulifunse pamaso pa nyakwawa, ankhoswa ali pomwepo.

Mikangano ya malo a mafumu imayambira kwa nyakwawa, kupita kwa gulupu, kenako kwa Inkosi. Lamulo la malo a mafumu la 2016 linakhazikitsanso makomiti ndi mabwalo a malo, ndipo limalola banja kulembetsa malo ake. Kumene kulembetsaku kwafika, mwamuna ndi mkazi akalembetsa maina onse awiri, mkangano ngati uwu umachepa mphamvu. Kumene sikunafike, umboni ndi anthu: ndani anakulozerani malire, mwalima zaka zingati, mitengo ya mango ija anadzala ndani.

Akuti ngati ndikufuna kukhala, ndilowedwe chokolo ndi mlamu wanga.

Palibe lamulo lomwe limamangirira gawo lanu ku chokolo. Mukafuna nokha, ndi nkhani yanu. Mukakakamizidwa, ndi mlandu: lamulo loona za kusasiyana pakati pa amuna ndi akazi la 2013 limaletsa miyambo yovulaza, ndipo wopezeka wolakwa angathe kukhala kundende zaka zisanu. Kunena kuti "ukakana usamuke" ndi kukakamiza ndithu.

Ukwati wathu unali wa ankhoswa, tilibe setifiketi. Akuti sindine mkazi wa malamulo.

Ndinu. Lamulo la maukwati la 2015 limalemekeza mofanana ukwati wa kwa DC, wa kutchalitchi kapena kumzikiti, ndi wa mwambo. Ukwati wa ankhoswa umboni wake ndi ankhoswawo, a kuchimuna ndi a kuchikazi, pamodzi ndi nyakwawa yomwe inakulandirani m'mudzi. Vuto limabwera nkhoswe ya kuchimuna ikakhala malume omwewo amene akufuna ng'ombe. Zikatero, funani umboni wina: kalata ya mfumu, kaundula wa kumpingo, makadi a kusikelo a ana omwe ali ndi dzina la bambo, anthu omwe anavina pa chinkhoswe.

Ngakhale omwe anangolowana popanda ankhoswa sali pabwalo. Khoti lingavomereze kuti unali ukwati ngati anakhala limodzi zaka zosachepera zisanu ndipo anthu ankawadziwa ngati banja. Koma pamenepo ndi khoti lokha lomwe linganene, choncho njira yake ndi yotalikirapo. Ana okha alibe chowatsekereza: gawo lawo silidalira mtundu wa ukwati wa makolo awo.

Atenga kale. Ng'ombe zili kukhola kwa malume, njinga ili ndi mlamu. Ndiyambire pati?

Yambirani pa pepala, lero lomwe. Lembani, kapena mwana wanu wa kusekondale akulembereni, chilichonse chomwe chinalipo tsiku lomwe bambo anamwalira: ng'ombe iliyonse ndi maonekedwe ake, yaikazi kapena yamphongo, ya mawanga otani, nyanga zotani, nambala ya njinga, matumba a chimanga angati. Pambali pake lembani yemwe anatenga, tsiku lake, ndi amene anaona. Mapepala a njinga, malisiti, buku la banki m'khonde, khadi la kubanki, chitupa cha unzika cha malemu ndi foni yawo, zonsezi zichoke m'nyumba zikasungidwe kwa munthu wodalirika. Mapepala ndi amene amayamba kusowa, katundu asanasowe.

Kufulumira kuli ndi chifukwa. Ng'ombe ikakhala kukhola kwa malume, ikhoza kubwezedwa mawa. Ikagulitsidwa kwa opha nyama, chotsala ndi kukangana za mtengo wake ndi munthu yemwe ndalamazo anadya kale. Milandu yambiri ya chuma cha masiye siifa chifukwa lamulo ndi lofooka. Imafa chifukwa mayi anadikira kuti maliro aphwe, chiliza chimangidwe, mitima izizire, ndipo pofika nthawi imeneyo palibe chotsala choti khoti libweze.

Kenako itanani ankhoswa anu ndi abale anu a kwanu, musayende nokha. Kanenani kwa nyakwawa, ndipo pemphani kuti zomwe zakambidwa zilembedwe, onse asaine kapena adinde chala. Mfumu ilibe mphamvu yogawa chuma cha masiye mosemphana ndi lamulo, koma ili ndi mphamvu ina yomwe majisitireti alibe: anthu amenewa adzaifunabe mawa pa nkhani ya malo ndi ya maliro awo. Mafumu ambiri masiku ano amalidziwa lamulo la 2011, ndipo mawu awo okha nthawi zina amabweza ng'ombe dzuwa lisanalowe. Ikakanika nyakwawa, nkhani ikwere kwa gulupu ndi kwa Inkosi Champiti. Koma dziwani kuti lamulo silikukakamizani kumaliza makwerero onsewa musanapite kupolisi. Mukamva kuti njinga ikufunidwa wogula, thamangani tsiku lomwelo.

Kupolisi sakangondiuza kuti ndi nkhani ya pabanja?

Ena anganene choncho, ndipo n'chifukwa chake muyenera kudziwa dzina la mlandu womwe mukukanena. Gawo 84 la lamulo la 2011 likuti munthu wosayenera kulandira akatenga, kulanda, kupatutsa kapena kugulitsa katundu wa chuma cha masiye, kapena kuchita chilichonse chomwe chingaike oyenera kulandira pa mavuto, wapalamula. Chilango chake ndi chindapusa chosachepera mtengo wa katundu yemwe watengayo, ndi zaka khumi kundende. Pamwamba pa chilangocho khoti limalamula kuti katunduyo, kapena ndalama zake, abwezedwe. Kulanda kunayamba kukhala mlandu mu 1998, pamene chilango chinali K20,000 ndi zaka zisanu. Opanga lamulo la 2011 anaona kuti chindapusa chokhazikika chimasanduka nthabwala kwacha ikagwa, n'kuchimangirira ku mtengo wa katunduyo. M'chitsanzo chathu chija, malume omwe atsekera ng'ombe zinayi akuyang'anizana ndi chindapusa chosachepera K2,800,000, ng'ombezo n'kubwezanso.

Pa polisi funsani ofesi yothandiza ozunzidwa, yomwe anthu amangoti "ku vikitimu". Kawirikawiri amayamba n'kuitanitsa mbali zonse kuti akambirane. Zimenezo si zoipa, ndipo alamu ambiri akangoona kalata yoitanidwa ndi kumva za zaka khumi, njinga imabwera yokha. Chomwe muyenera kukana ndi mgwirizano woti "tigawane pakati kuti nkhani ithe". Theka lomwe mukuperekalo si lanu lokha, ndi la ana. Akalonjeza kubweza, palembedwe tsiku. Tsikulo likadutsa, pemphani kuti mlandu upite kukhoti.

Nanga kalata yoyendetsera chuma yomwe amanena ija ndi chiyani, ndipo imatengedwa kuti?

Mlandu wa kupolisi umalanga wolanda, koma sugawa chuma. Kuti munthu akhale ndi mphamvu yosonkhanitsa katundu wa malemu, kubweza ngongole, kutapa ndalama kubanki ndi kusintha dzina pa mapepala a njinga, amafunika kalata yochokera kukhoti yomuika kukhala woyendetsa chuma cha masiyecho. Oyenera kulandira ndi amene angaipemphe, ndipo amene gawo lake ndi lalikulu amakhala patsogolo. Apa ndiye kuti inuyo muli patsogolo pa mlamu aliyense.

Chenjerani ndi mawu okoma akuti, "Inu alamu muli pa chisoni, mapepalawa tikuyendereni ife." Woyendetsa chuma si mwini chuma, ndipo lamulo limamufunsa kuti afotokoze mmene wagawira, koma kulondola ndalama zomwe zatuluka kale ndi ntchito yowawa kuposa kukana poyamba. Musasaine pepala lomwe simunawerengeredwe ndi munthu wanu.

Poyambira ndi chiphaso cha imfa. Munthu akamwalirira kuchipatala, mapepala amayambira komweko. Akamwalirira kumudzi, amayambira kwa nyakwawa, n'kupita ku ofesi ya kalembera wa dziko ku boma. Chuma chochepa chimaweruzidwa kwa majisitireti, ndipo wanu ali ku Ntcheu boma. Koma mu 2011 "chochepa" anachiika pa K1,000,000, ndalama zomwe masiku ano njinga yamoto imodzi imazipitirira. Funsani kalaliki wa khoti malire omwe akugwira ntchito pa tsiku lomwe mwapitalo. Chuma chopitirira malirewo ndi cha khoti lalikulu, lomwe lili ndi nthambi yoona za mabanja ndi chuma cha masiye. Khoti lingaperekenso chiletso choti katundu asagulitsidwe kapena kuti musatulutsidwe m'nyumba nkhani ili mkati.

Kunena zoona, apa ndi pomwe lamulo labwinoli limatsimphina. Mayi yemwe alibe ya minibasi yofikira ku boma sangaone khoti lalikulu ngati khomo lotseguka. Zitseko zapafupi zilipo ziwiri. China ndi ofesi ya DC, yomwe imagwira ntchito za chuma cha masiye m'malo mwa ofesi ya Administrator General. China ndi bungwe la boma la Legal Aid Bureau, lomwe limapereka maloya kwa anthu osatha kulipira loya. Pitani ndi pepala lanu lija, chiphaso cha imfa, kalata ya mfumu ndi maina a ana onse ndi zaka zawo.

Amuna anga anali mphunzitsi. Ndalama za kuntchito zimayenda bwanji?

Izi mlamu sangazinyamule pa njinga, koma angazilande ndi cholembera. Pa ndalama za imfa za wogwira ntchito m'boma pamalembedwa mndandanda wa olandira, ndipo chinyengo chimachitikira pa mndandandawo: maina a abale osayenera amalowa, dzina la mwana wina limasowa. Khalanipo nokha polemba, ndipo muuone mndandandawo usanatumizidwe. Ndalama za penshoni za kumakampani zili ndi njira yakeyake. Oyang'anira thumba la penshoni amatsata maina omwe malemu analembetsa ali moyo, choncho kafunseni kuntchito kwawo kuti fomuyo ikuti chiyani.

Kwatulukira mayi wina ndi mwana, akuti ndi wa malemu.

Ngati mwanayo ndi wa malemu, ali ndi gawo lofanana ndi la ana anu, ngakhale zikuwawa. Lamulo silisankha mwana chifukwa cha mmene anabadwira. Mayi ake ndiye alibe gawo pokhapokha atasonyeza kuti anali mkazi wokwatiwa. Pa mitala yodziwika, mkazi aliyense amasunga katundu wa m'nyumba mwake. Ngati amakhala m'madera osiyana ndipo chumacho n'chochepa, aliyense ndi ana ake amayang'ana chuma cha kudera kwake, ndipo ngati ali dera limodzi, khoti limaona zomwe aliyense anathandizira. Mukakayika za mwanayo, kanenani kukhoti, osati kukamenyana pa chitsime.

Mlamu watulutsa pepala, akuti ndi wilo, ndipo ine mulibemo.

Wilo yovomerezeka imakhala yolembedwa, yosainidwa ndi mwini wake pamaso pa mboni zosachepera ziwiri, zomwe nazonso zimasaina iye akuona. Funsani kuti mbonizo ndani, ndipo zinali kuti tsiku limenelo. Pepala lotuluka m'thumba la munthu yemwe likumupatsa chuma, lopanda mboni, la zilembo zosafanana ndi za malemu, ndi lofunika kukaonedwa ndi khoti, ndipo kupeka wilo ndi mlandu pawokha. Ngakhale itapezeka kuti ndi yeniyeni, nkhani siinathe. Lamulo limalola mkazi kapena mwana yemwe wilo yamusiya wopanda pogwira kupempha khoti kuti limupatseko zokwanira pa chumacho.

Chiyambireni kufunsa za ng'ombe, ayamba kunena kuti ndine ndinapha amuna anga. Ndikhalabe pamudzi pano?

Mawu amenewo sabwera mwangozi. Amabwera pa nthawi yomwe mwayamba kufunsa, ndipo ntchito yake ndi yoti muthawe nokha, iwo adzanene kuti palibe anakuthamangitsani. Kunena munthu kuti ndi mfiti ndi mlandu pansi pa lamulo la ufiti la 1911, lomwe likugwirabe ntchito, ndipo kuopseza munthu ndi mlandunso. Kanenani kupolisi ndi kwa mfumu, mutchule amene ananena, mawu ake ndi amene anamva.

Zokhala kapena kuchoka, khoti silingakusankhireni. Lingakubwezereni nyumba, koma silingalamule anthu kuti azikupatsani moni kapena kudzakuthandizani mwana akadwala usiku. Amayi ena amapirira mpaka mkwiyo utazirala, makamaka pamene apongozi aakazi ali mbali yawo. Ena amaona kuti moyo wawo uli pa chiswe, n'kubwerera kwawo. Kubwerera kwanu sikuchotsa gawo lanu kapena la ana pa chuma chija. Koma musachoke usiku ngati wothawa. Chokani masana, nyakwawa ndi ankhoswa alipo, ndipo palembedwe kuti mwachoka chifukwa cha chitetezo, kuti nyumba ndi ndime ya munda ndi za ana a malemu, maina awo ndi awa, ndipo makiyi mwasiyira uje. Pepalalo likhale pawiri, lina kwa mfumu, lina m'chikwama mwanu. Katundu wa m'nyumba, mbuzi zanu ndi ziweto za ana zikwere ngolo tsiku lomwelo, anthu akuona.